Mzere Woyera pa Sitepe Yofiira: Kukonza Nyumba Kuti Agogo Ovutika Kuona Aziyenda Osagwa

Kabuku ka mabanja a mu Kabwe

Nyumba zambiri za ku Bwacha, Ngungu, Chimanimani, Katondo ndi ku Railways zili ndi khonde la simenti lopakidwa kobula wofiira. Masitepe ake nawo ndi ofiira, pansi pa balaza mpofiira, ndipo tonse timanyadira pakamanyezimira. Kwa mwana kapena munthu wa maso akuthwa palibe vuto. Koma agogo amene maso awo ayamba kuchita chidima akaima pakhonde lotere n'kuyang'ana pansi, saona masitepe atatu. Amaona chinthu chimodzi chofiira chotambalala, ndipo phazi ndilo limafufuza pamene sitepe yathera. Tsiku limene phazi lidzaphonye, munthu wa zaka 75 akhoza kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo okalamba ambiri akathyoka pamenepa sayendanso monga kale.

Kabuku kano kakufotokoza ntchito imodzi yokha: kupaka penti m'malo ochepa osankhidwa bwino, kuti m'mphepete mwa sitepe, khomo ndi khoma muzionekera patali.

Zimene diso lokalamba limataya

M'kati mwa diso muli kagalasi kamene kamakhala koyera mbee pa ubwana. Zaka zikamapita kamayamba kuchita chikasu, ndipo kamboni ka diso kamachepa, moti kuwala kumene kumalowa m'diso la munthu wa zaka 60 kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kumene kumalowa m'diso la wa zaka 20. Chipinda chimene mdzukulu akuti muli mowala, kwa agogo ndi madzulo. Kagalasiko kakachita mtambo ndiye ng'ala. Matenda a shuga amawononga kumbuyo kwa diso, ndipo gulokoma amadya kuona kwa m'mbali pang'onopang'ono mpaka munthu amangoona zimene zili kutsogolo kwenikweni.

Pa matenda onsewa chimene chimayamba kusokonezeka ndi kusiyanitsa zinthu ziwiri zoyandikana zimene kuwala kwake n'kofanana. Apa mpamene mabanja ambiri amasocherera. Amaganiza kuti akapaka mitundu iwiri yosiyana, monga wofiira ndi wobiriwira, basi agogo aona. Koma wofiira wa kobula ndi wobiriwira wa pamalata onse ndi oderako mofanana, ndipo diso lofooka limawaona ngati mtundu umodzi. Chimodzimodzi woyera ndi kirimu, kapena kirimu ndi wachikasu wotuwa. Buluu woderako, chifukwa cha chikasu cha m'diso chija, amaoneka ngati wakuda. Chimene chimathandiza ndi kuika chowala pafupi ndi chakuda.

Opanga penti ali ndi muyeso wa kuwala kumene mtundu uliwonse umabweza, kuyambira 0 mpaka 100. Wakuda amakhala pafupi ndi 5, wofiira wa pansi uja pafupi ndi 10, kirimu cha m'ma 70, woyera kupitirira 80. Malangizo a zomangamanga a ku Britain amati zinthu ziwiri zoyandikana zizisiyana ndi 30 kapena kuposa kuti munthu wovutika kuona azisiyanitse. Inu simufunika kuloweza manambalawa. Tengani foni, jambulani malowo, kenaka sinthani chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera, posankha pamene palembedwa `Mono` kapena `B&W`. Ngati m'chithunzimo sitepe ndi inzake zasakanikirana, kapena chitseko chasowa m'khoma, dziwani kuti agogo akuona chimodzimodzi. Wopanda foni atsinzine pang'ono mpaka zinthu zichite mbuu, ayang'ane kuti n'chiyani chikuonekabe.

Yambani ndi kuyenda nawo

Musagule penti musanayende ndi agogowo. Apempheni kuti ayende njira imene amayenda tsiku lililonse, kuchoka pabedi kupita ku chimbudzi, ku bafa, ku khitchini ndi pamene amakonda kuothera dzuwa. Inu mukhale pambali, pafupi moti mukhoza kuwagwira, koma osawatsogolera. Yang'anani pamene aima, pamene akukhwekhwereza phazi, pamene dzanja likupapasa khoma kufuna khomo, pamene akweza phazi popanda chokwera. Malo amenewo ndiwo ofunika penti. Bwerezani ulendowu m'mamawa, masana dzuwa lili phwee, ndi usiku magetsi atathima, poti kuno ZESCO ikathimitsa magetsi nyumba imasintha, ndipo okalamba ambiri amadzuka usiku kukataya madzi.

Kenaka dulani zidutswa za katoni, zina muzipake zoyera, zina zachikasu, zina zakuda. Ikani chimodzi chimodzi m'mphepete mwa sitepe, agogo ataima mapazi atatu kapena anayi kuchokera pamenepo, muwafunse kuti, “Agogo, chimene mukuchiona bwino ndi chiti?” Yankho lawo ndilo lamulo. Ena a ng'ala amati choyera chikuwathobwa m'maso padzuwa ndipo amasankha chachikasu. Ena amaona choyera chokha. Maso ndi awo, nyumbanso nthawi zambiri ndi yawo, choncho musawakakamize mtundu umene sakuufuna.

Nyumba imodzi ya ku Bwacha

Titenge chitsanzo cha nyumba ya zipinda zitatu. Agogo aakazi ali ndi ng'ala m'maso onse. Khonde ndi lofiira, lili ndi masitepe atatu, iliyonse yotalika mita 1.2 m'litali. Makoma a m'nyumba ndi a kirimu, zitseko zake n'zoyera. Chimbudzi chili panja, mamita 10 kuchokera pakhomo la kuseri, ndipo panjirapo pali kangalande ka madzi a ku bafa.

Ntchito iyambire pamasitepe, chifukwa mpamene kugwa kumapweteka kwambiri. M'mphepete mwa sitepe iliyonse mupake mzere umodzi woyera, wa masentimita 5 pamwamba pamene phazi limaponda, ndi masentimita 5 kutsogolo kumene munthu amaona akamakwera. Masentimita 5 ndi pafupifupi zala zitatu zogundana. Mzerewo uyambire kumapeto kuno kukafika kumapeto uko osadukiza, ndipo ukhale pamphepete penipeni. Mukausiya masentimita angapo m'kati, agogo adzayesa kuti sitepe yathera pa mzerepo, n'kuponda molakwika. M'mphepete mwa khonde lenilenilo nawonso ndi sitepe, ndipo ndi woyamba kupakidwa, chifukwa munthu akamatuluka m'nyumba kupita padzuwa maso amakhala asanazolowere kuwala.

Kuwerengera penti n'kosavuta. Mzere wa masentimita 10 m'lifupi, kuphatikiza pamwamba ndi kutsogolo, pa sitepe ya mita 1.2 ndi sikweya mita 0.12. Masitepe atatu ndi 0.36. Kupaka kawiri ndi 0.72. Lita imodzi ya penti imapaka masikweya mita pafupifupi 8 mpaka 10 pamalo osalala, pocheperako pa simenti yokhakhala. Ndiye chitini cha lita imodzi chikwana masitepe onse, pachiundo, m'mphepete mwa ngalande ndi ku chimbudzi, n'kutsalako wodzabwereza chaka chamawa.

Chovuta chenicheni si penti koma kobula. Kobula ndi phula, ndipo penti sagwira pa phula. Mukangopaka pamwamba pake, pakatha masabata awiri kapena atatu mzere uja umayamba kumatuka ngati khungu la mbatata yophika. Choncho tsukani m'mphepetemo ndi madzi otentha, sopo waufa ndi burashi ya waya. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi thinazi, mutsukenso, kenaka mukweche ndi sandipepa wonyowa mpaka simenti iyambe kukhakhala. Kuti mudziwe ngati phula latha, donthezani madzi pamalopo. Madzi akakhala timibulu, phula lidakalipo, bwerezani. Akamwerera n'kudetsa simenti, pakonzeka. Pamenepo dikirani tsiku lathunthu kuti paume. Ngati sitepe yathethekera, iyambe yakonzedwa ndi simenti, ndipo simenti yatsopano imafuna pafupifupi masiku 28 isanapakidwe penti.

Gulani penti wa pansi, amene ena amati wa pakhonde, kapena penti wolembera mizere ya pamsewu. Penti wa madzi wopaka m'makoma salimba akamapondedwa. Penti wa mafuta wonyezimira amaterera akanyowa, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa sitepe yosapakidwa. Matani tepi ya pepala kuti mzere uwongoke. Pakani koyamba, ndipo penti asanaume wazani mchenga wosefa, wotsuka ndi wouma, pang'ono chabe. Akauma sesani mchenga wosamata, mupake kachiwiri. Mchengawo umathandiza kuti pasaterere, komanso phazi kapena ndodo ya agogo imamva kuti pafika pamphepete. Chotsani tepi penti wachiwiri asanaumiretu, apo ayi imang'amba mzere. Pakani theka la masitepe lero, theka lina mawa, kapena agogo adzere khomo lina, ndipo pasapondedwe mpaka nthawi yolembedwa pachitini itakwana. Nthawi yabwino ya ntchito ya panja ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula isanabwere. M'mwezi wa Okutobala pakani m'mawa simenti isanatenthe.

Chimodzi chimene banja liyenera kugwirizana ndi ichi: pamasitepepo pasapakidwenso kobula. Akabwerera amaphimba mzere, amatereretsa, ndiponso kunyezimira kwake kumathobwa maso a munthu wa ng'ala. Pakhonde pakhoza kukhala paukhondo ndi madzi ndi sopo basi.

Masitepe a simenti yotuwa kapena a matailosi owala amafuna mzere wakuda, osati woyera. Lamulo lake ndi lomwe lija: pakuda ikani chowala, powala ikani chakuda.

Zitseko ndi makoma

M'nyumba ya ku Bwacha ija, chitseko choyera pa khoma la kirimu chimasowa. Agogo amachipeza ndi dzanja. Pali njira ziwiri. Yotsika mtengo ndi kupaka mphuthu za chitseko ndi mzere wa masentimita 10 kuzungulira khomo lonse, ndi mtundu woderako monga bulauni wakuda kapena buluu woderako. Kuzungulira khomo ndi pafupifupi mamita 5, ndiye ndi theka la sikweya mita chabe. Njira yachiwiri ndi kupaka chitseko chonse. Mbali imodzi ya chitseko wamba ndi pafupifupi sikweya mita 1.6, ndipo kupaka kawiri kumadya gawo limodzi mwa magawo atatu a lita kapena kuposerako pang'ono. Sizifunika kupaka zitseko zonse. Sankhani cha kuchipinda kwa agogo, cha ku chimbudzi ndi cha panja. Chitseko chimodzi choderako pakati pa zoyera chimauza agogo kuti kwawo ndi uku.

Malo amene ambiri amaiwala ndi m'mphepete mwa chitseko, mbali yopyapyala ija muli loko. Chitseko chikasiyidwa chotsekula theka, munthu amene akubwera amangokumana ndi mbali imeneyo, masentimita 4 okha, ndipo amagunda chipumi. Ipakeni mtundu wosiyana kwambiri ndi khoma la kuseri kwake, ndipo ana aphunzitsidwe kuti chitseko chizikhala chotseka kapena chotsekula mpaka kukhoma. Chogwirira ndi bawuti zisiyane ndi chitseko. Pa chitseko choderako jambulani bwalo loyera kuzungulira chogwirira, lalikulu ngati sosala. Swichi yoyera pa khoma lowala izingidwe ndi mzere wakuda wa masentimita 2 kapena 3.

Makoma akhale owala, chifukwa khoma lowala limabweza kuwala kwa windo ndi kwa babu, n'kuwalitsa chipinda chonse. Penti wake akhale wosanyezimira. Laimu nayenso amagwira ntchitoyi bwino pamtengo wochepa, ngakhale amafuna kubwereza kawirikawiri. Pansi pofiira ndi khoma la kirimu zimasiyana kale bwino, palibe chowonjezera. Koma m'nyumba zina khoma limapakidwa penti wa mafuta woderako kuyambira pansi mpaka m'chiuno, kuopa litsiro la ana. Pamenepo pansi ndi khoma zimalumikizana, ndipo agogo sadziwa pamene chipinda chathera. Pakani mzere wowala wa masentimita 10 m'munsi mwa khoma. Kumene pansi ndi khoma zonse n'zowala, monga nyumba za matailosi oyera, mzerewo ukhale wakuda.

Njira ya ku chimbudzi

Panja dothi ndi loderako, ndiye chowala ndicho chimaoneka. Ndandalikani njerwa zopaka laimu mbali zonse ziwiri za njira, motalikirana mita imodzi kuti munthu adutse ndi ndodo. Zikwirireni theka m'dothi kuti zisagubuduke, popeza njerwa yongoikidwa pamwamba imasanduka chopunthwitsa. M'mphepete mwa kangalande mupake moyera mbali zonse, kapena mukaphimbe ndi silabu. Chitseko cha chimbudzi chisiyane ndi khoma lake. Ngati ndi chimbudzi chokumba, zingani dzenje ndi mzere woyera, mupakenso moponda mapazi, ndipo chivindikiro chikhale ndi chogwirira chowala. Ngati ndi chamadzi, mtondo woyera pa khoma loyera suoneka, choncho pakani khoma la kuseri kwake moderako, kapena ikani chokhalira chakuda. Paipi yogwirira yokhomeredwa molimba, yotalika masentimita 90 kuchokera pansi, yopakidwa mtundu wosiyana ndi khoma, ndi yofunika ku chimbudzi ndi pamasitepe pomwe.

Penti alibe ntchito mumdima. Ikani nyali ya sola pakhomo la kuseri, yolozetsa pansi kuti iwalitse masitepe osati kumaso, ndipo tochi izikhala malo amodzi pafupi ndi bedi, yokulungidwa tepi yowala.

Chenjezo la mu Kabwe: mtovu

Tawuni yathu, imene kale inkatchedwa Broken Hill, inali ndi mgodi wa mtovu ndi zinki kuyambira mu 1906 mpaka pamene unatsekedwa mu 1994. Dothi la madera oyandikana ndi mgodiwo, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, lidakali ndi mtovu wambiri, umene ambiri kuno amati ledi, ndipo umawononga ubongo wa ana aang'ono. Agogo ambiri amakhala ndi adzukulu, ndiye ntchito yothandiza wamkulu isapweteke mwana.

Mchenga wowaza pa penti usatengedwe pabwalo, m'ngalande kapena pafupi ndi milu ya zotsalira za mgodi. Pezani kapu imodzi ya mchenga wa kumtsinje kwa ogulitsa zomangira, muutsuke ndi kuusefa. M'madera amenewa musakumbenso dothi lotsirira kapena lokongoletsera khoma, gwiritsani ntchito laimu wogula. Penti wakale wa mafuta pa zitseko ndi mawindo a nyumba za mgodi, za njanji ndi za khonsolo akhoza kukhala ndi mtovu. Musamukweche wouma ndipo musamuwotche. Nyowetsani, kwechani pang'ono pongofuna kuti penti watsopano agwire, yalani pulasitiki pansi, kolopani ndi nsalu yonyowa, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali mpaka mutatsuka. Pogula penti wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira amene kale ankathiramo mtovu kawirikawiri, funsani wogulitsa akusonyezeni pachitini pamene palembedwa kuti mulibe mtovu. Tsekulani mawindo popaka, ndipo agogo asagone m'chipinda chimene fungo la penti silinathe. Thinazi amayaka msanga, asayandikire mbaula.

Zimene zimalakwika

Banja lina likaona kuti mzere ukuthandiza, limapaka mizere paliponse, mpaka agogo sadziwanso kuti mzere uti ndi sitepe. M'nyumba monse mzere wa pansi uzitanthauza chinthu chimodzi: pano pali pokwera kapena potsika. Pamalo osalala pasakhale mzere. Sitepe isapakidwe timizere tosinthana takuda ndi toyera, mzere umodzi ndi wokwana. Kapeti ya maluwa ambiri ndi matailosi a timabokosi takuda ndi toyera zimasokoneza chimodzimodzi. Chopondera chakuda pa pansi powala chimaoneka ngati dzenje, makamaka kwa okalamba amene ayamba kuiwalaiwala. Mukaona agogo akuchilambalala kapena kuchilumpha, chichotseni.

Mudziwa kuti ntchito yagwira mukayendanso nawo ulendo uja. Phazi likupita lokha pamphepete popanda kufufuza, dzanja likufika pachogwirira kamodzi. Ngati akuphimba maso ndi dzanja akafika pakhonde masana, choyera chachuluka kapena chikunyezimira, sinthani ndi chachikasu chosanyezimira. Fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimadetsa mzere mpaka kufanana ndi sitepe, choncho uzikolopedwa sabata iliyonse ndi kupakidwanso ukayamba kufufutika pakati, pamene pamapondedwa kwambiri. Mipando isasunthidwe agogo osauzidwa, chifukwa zambiri amayendera kukumbukira. Okhala m'nyumba ya lendi ayambe apempha eni nyumba. Akakana penti, tepi yomata yokhakhala ya pamasitepe imagwira ntchito, bola muziiyang'ana, ikayamba kumatuka m'mbali ichotsedwe isanakole phazi.

Penti sachiritsa diso

Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni, ndipo ambiri amaonanso bwino. Ukalamba pawokha si chifukwa chokanira opaleshoniyi. Gulokoma sabweza kuona kumene kwatayika, koma mankhwala odontheza amateteza kumene kwatsala, ndipo odwala shuga ayenera kupimitsa maso chaka chilichonse ngakhale asakumva vuto. Yambirani ku kiliniki ya kwanu kuti akupatseni kalata yopita ku gawo la maso la Kabwe Central Hospital, chipatala chimene ambiri akuchitchabe Kabwe General. Ngati agogo asiya kuona mwadzidzidzi, diso lafiira ndi kuwawa kwambiri pamodzi ndi mutu kapena kusanza, kapena akuona ngati katani yatsika mbali imodzi ya diso, musadikire tsiku la kiliniki, apiteni nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Pamene mukudikira tsiku lokaonana ndi dokotala, yendani ndi agogo njira yawo lero madzulo, mujambule masitepe a pakhonde, ndipo Loweruka likudzali muyambe kuchotsa kobula m'mphepete mwake.